Kugulitsa magetsi otsala a sola ku kampani ya magetsi: yambani mwaona mita, mgwirizano ndi waya

Ife amene timaika sola m'nyumba za anthu timamva funso limodzi kawirikawiri: "Ndiike mapanelo angati kuti kampani ya magetsi izindilipira?" Funsoli ndi labwino, koma limabwera msanga. Phindu la magetsi otsala silidalira kwenikweni kuchuluka kwa mapanelo pa denga. Limadalira mita imene ili pakhoma panu, mawu amene alembedwa mu mgwirizano wanu ndi kampani, komanso waya amene akudutsa mumsewu mwanu. Zinthu zitatuzi mukhoza kuzifufuza musanagule ngakhale bawuti imodzi, ndipo zimene ndalemba apa ndi zimene timaziona mobwerezabwereza pa ntchito yathu.

Masana dzuwa likaswa mtengo, mapanelo amapanga magetsi ndipo inveta imawasandutsa kukhala ofanana ndi a kampani. Magetsiwo amayamba apita ku zinthu zimene zayatsidwa m'nyumba, monga firiji, pampu ndi wailesi yakanema. Okhawo otsala ndi amene amatulukira pa mita kubwerera ku mawaya a kampani, ndipo nthawi zambiri amakathera m'nyumba za anzanu oyandikana nawo amene muli pa thiransifoma imodzi. Usiku mapanelo sapanga kanthu, choncho mumakokanso magetsi a kampani monga kale. Kumene kuli dongosolo la neti mitaringi, kampani imawerenga mayunitsi amene mwakoka ndi amene mwatumiza, n'kuchotsera. Nthawi zambiri simulandira ndalama m'manja. Chimene chimachitika n'chakuti bilu yanu imatsika, ndipo mayunitsi otsala amasungidwa pa akaunti yanu kuti adzagwire ntchito mwezi wotsatira.

Dongosololi silipezeka paliponse, ndipo kumene lilipo malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko, ngakhalenso kampani ndi kampani m'dziko lomwelo. Choncho chinthu choyamba ndi kupeza malamulowo olembedwa, kuchokera ku kampani yanu ya magetsi kapena ku bungwe loyang'anira za magetsi. Mawu a pakamwa a wogulitsa mapanelo sakwanira.

Mita ndi imene imatsegula kapena kutseka nkhani yonse

Mita zakale zokhala ndi kachitsulo kozungulira zina zimabwerera m'mbuyo magetsi akamatuluka, ndipo zina zili ndi kotsekera kamene kamaziimitsa. Kampani zambiri sizilola kuti mita yotere igwiritsidwe ntchito ndi sola, chifukwa sisonyeza padera zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Vuto lalikulu lili pa mita zogulira mayunitsi, zija mumalowetsa manambala. Zambiri mwa izi sanazipange kuti zizilandira magetsi ochokera m'nyumba. Ina imangowerenga magetsi onse odutsa osasamala kumene akulowera, moti yunitsi iliyonse imene mwatumiza imadulidwa ngati mwaigwiritsa ntchito. Ina imaona ngati munthu akuiseweretsa, n'kudzitseka, ndipo nyumba imakhala mu mdima mpaka a kampani abwere ndi nambala yotsegulira.

Kuti mudziwe ngati izi zikuchitika, sankhani tsiku la dzuwa lambiri, muzimitse zinthu zikuluzikulu m'nyumba cha m'ma 11 koloko, mulembe mayunitsi otsala pa mita, ndipo muwonenso pakatha ola. Ngati inveta ikusonyeza kuti ikupanga makilowati anayi, m'nyumba mwayaka firiji yokha, koma mayunitsi atsika ndi atatu kapena kuposa, ndiye kuti mita ikukulipiritsani magetsi anu omwe. Zimitsani inveta mpaka nkhani ya mita ikonzedwe.

Mita yoyenera ndi yowerenga mbali ziwiri, ndipo amene amaiika kapena kuivomereza ndi a kampani. Pa mita zambiri zamakono, galasi limasinthasintha manambala, ndipo lililonse limakhala ndi chizindikiro chake. 1.8.0 ndi mayunitsi onse amene mwakoka ku kampani, pamene 2.8.0 ndi onse amene mwatumiza. Funsani msanga kuti ndani alipire mita yatsopanoyo, idzabwera patatha nthawi yaitali bwanji, komanso ngati kusintha mitako kukusamutsirani pa mtengo wina wa magetsi kapena kukuwonjezerani ndalama ina yolipira mwezi ndi mwezi. Taonapo mabanja amene phindu lawo lonse la magetsi otsala likungothera pa ndalama yokhazikikayi.

Ngati nyumba yanu ili ndi mafezi atatu, kutanthauza mawaya atatu amoyo ochokera ku kampani m'malo mwa mmodzi, pali funso lina lofunika. Inveta ya fezi imodzi ikhoza kumatumiza makilowati atatu pa fezi yoyamba, pamene chitofu chikukoka makilowati atatu pa fezi yachiwiri nthawi yomweyo. Mita ina imaphatikiza mafezi onse n'kuona kuti palibe chalowa kapena chatuluka. Ina imalemba atatu okoka ndi atatu otumiza padera. Ngati mtengo wogulitsira uli wotsika kuposa wogulira, mumaluza pa ola lililonse lotere.

Yunitsi yotumizidwa ili ndi mtengo wanji

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene anthu amataya ndalama zambiri. Tiyeni titenge nyumba yongoyerekezera imene imagwiritsa ntchito mayunitsi 450 pa mwezi. Mwa amenewa, 150 amapita masana dzuwa likuwala, ndipo 300 amapita madzulo, usiku ndi m'mamawa. Mwini nyumba waika mapanelo a makilowati 5. Kumalo a dzuwa lokwanira, kilowati imodzi ya mapanelo imapereka mayunitsi pafupifupi anayi pa tsiku mukawerengera chaka chonse, choncho tinene kuti akupanga 20 pa tsiku, kapena 600 pa mwezi. Nyumba imadya 150 nthawi yomweyo osadutsa pa mita, 450 amatuluka kupita ku kampani, ndipo usiku nyumbayo imakoka 300.

Ngati nyumbayi idakali ndi mita ija yosasiyanitsa mbali, idzadulidwa 300 kuphatikiza 450, kukhala mayunitsi 750. Asanaike sola ankalipira 450 okha.

Ngati kampani ikusinthanitsa yunitsi ndi yunitsi, 300 okokedwa amafafanizidwa ndi 300 otumizidwa, ndipo 150 amatsala pa akaunti. Bilu ya mayunitsi imakhala ziro, ngakhale ndalama yokhazikika ndi misonkho ina zimalipidwabe. Zikumveka bwino, koma taonani 150 otsalawo. Pakatha chaka amafika 1,800, ndipo nyumbayi sidzawagwiritsa ntchito chifukwa mwezi uliwonse ikutsaza ena. Migwirizano yambiri imanena kuti kumapeto kwa miyezi 12 otsala amafafanizidwa, kapena amagulidwa pa mtengo wotsika kwambiri. Tsopano yerekezerani kuti mwini nyumbayu anaika makilowati 3.5 okha. Akanapanga 420 pa mwezi, n'kudya 150, kutumiza 270, kukoka 300, ndi kulipira mayunitsi 30 basi. Ndiye kuti kilowati imodzi ndi theka yowonjezera ija, imene ikupanga mayunitsi 180 mwezi uliwonse, ikumupulumutsira 30 okha. Ena onsewo akupereka ulere. N'chifukwa chake timauza anthu kuti atenge mabilu a miyezi 12 yapitayo, aphatikize mayunitsi, ndipo kukula kwa sola kuchokere pa nambala imeneyo, osati pa kukula kwa denga.

Funsaninso mwezi umene chaka cha akaunti chimatha. Ngati chimatha nyengo ya dzuwa lambiri itangotha kumene, mayunitsi amene munasonkhanitsa amafafanizidwa pa nthawi imene munayenera kuyamba kuwadya m'miyezi ya mitambo.

Koma malo ambiri tsopano sasinthanitsa yunitsi ndi yunitsi. Amakugulitsani pa mtengo wonse, n'kukugulani pa mtengo wotsika, ndipo kawirikawiri dongosolo limeneli amalitcha neti bilingi. Chifukwa chimene makampani amapereka n'chakuti mtengo umene mumalipira suli wa magetsi okha, mulinso ndalama yosamalira mawaya, mapolo ndi mathiransifoma, ndiponso masana magetsi a sola amachuluka pamene madzulo ndi pamene amasowa. Tinene kuti kampani ikugula yunitsi pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wogulitsira. Mayunitsi 450 otumizidwa aja akufanana ndi 150 okha ogula. Nyumbayi yakoka 300, choncho ilipirabe 150.

Zikatere, yunitsi imene mwadya masana m'nyumba mwanu ili ndi phindu kuwirikiza katatu kuposa imene mwatumiza. Tiyerekezere kuti nyumbayi ili ndi giza ya makilowati awiri imene imayaka maola awiri usiku uliwonse, kutanthauza mayunitsi anayi pa tsiku, 120 pa mwezi. Akaika taimala kuti gizayo iziyaka kuyambira 11 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana, zodyedwa masana zimakwera kufika 270, zotumizidwa zimatsika kufika 330, ndipo zokokedwa usiku zimatsika kufika 180. Mayunitsi 330 otumizidwa akufanana ndi 110 ogula, ndiye bilu yatsala 70 m'malo mwa 150. Sanagule panelo lina lililonse. Kuchapa ndi makina, kusita ndi kupopa madzi kupita mu thanki zikhozanso kusamutsidwira masana chimodzimodzi.

Malamulo amenewa amasintha, ndipo sola imakhala pa denga zaka 25 kapena kuposa. Ku California, kuyambira mu Epulo 2023, anthu olowa kumene anasiya kulandira mtengo woyandikira umene amalipira pa bilu akatumiza magetsi, ndipo zimene amalandira zinatsika kwambiri, pamene amene analowa kale anapatsidwa zaka 20 pa malamulo akale kuwerengera tsiku limene analumikizidwa. Ku Netherlands, boma linaganiza kuti kusinthanitsa yunitsi ndi yunitsi kuthe pa 1 Januwale 2027. Choncho werengani mu mgwirizano kuti mtengo umene akulonjezaniwo ndi wa zaka zingati, komanso ngati udzapitirira mukadzagulitsa nyumba kapena mukadzawonjezera mapanelo. Ine ndimalangiza kuti muwerengere phindu lanu kawiri, koyamba pa malamulo a lero, kachiwiri ngati kuti mtengo wotumizira watsika ndi theka. Ngati sola ikubwezabe ndalama zanu pa kuwerengera kwachiwiriko, pitirizani.

Chimene waya wa mumsewu angakukanizeni

Magetsi amayenda ngati madzi, kuchoka pokwera kupita potsika. Kuti inveta itumize magetsi kunja, iyenera kukweza voliteji yake, imene ndi mphamvu yokankha magetsi, pang'ono kuposa ya kampani. M'mayiko a mavoliti 230, malire apamwamba nthawi zambiri ndi 253, ndipo inveta yovomerezeka ikaona kuti voliteji yakhalitsa pamwamba pa malirewo imachepetsa mphamvu kapena kuzima. Zimenezi zimachitika masana enieni, pamene imayenera kupanga magetsi ambiri.

Tibwerere ku nyumba yathu ija. Makilowati 5 pa mavoliti 230 ndi maampu pafupifupi 22. Tinene kuti inveta ili mamita 30 kuchokera pa bokosi lalikulu la magetsi, ndipo anakokera waya wa kopa wa 4 mm². Pa mtunda umenewu voliteji imakwera ndi pafupifupi 6. Ngati masana pa mita pali kale 248, chifukwa nyumbayo ili pafupi ndi thiransifoma kapena oyandikana nawo ambiri alinso ndi sola, inveta iona 254 ndipo izizima. Akanaika waya wa 10 mm², voliteji ikanakwera ndi 2 ndi pang'ono, inveta n'kuona 250, n'kumagwira ntchito tsiku lonse.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Mzere wa magetsi a tsikulo pa galasi la inveta kapena pa foni umayenera kukwera bwinobwino m'mawa ndi kutsika madzulo. Ukakhala ndi mipata pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko kunja kulibe mtambo, ndipo pakuoneka uthenga ngati Grid Overvoltage, vuto ndi limeneli. Wamagetsi ayeze voliteji pa mita ndi pa inveta nthawi imodzi, inveta ikutumiza mwamphamvu. Kusiyana kukakhala kwakukulu, vuto ndi waya wanu, ndipo musinthe waya kapena musendeze inveta kufupi. Voliteji ikakhala yokwera pa mita pomwepo ngakhale inveta itazima, vuto ndi la kampani, ndipo iwo akhoza kutsitsa voliteji pa thiransifoma kapena kukusamutsirani ku fezi ina. Chimene sindingalole ndi chija amachita amisiri ena, kulowa mu inveta n'kukweza malire kuti isamazime. Uthenga wa vuto umasiya kuoneka, koma voliteji yokwerayo imalowa mu firiji yanu ndi ya mnansi wanu, ndipo mwaphwanya mgwirizano. Kuyeza voliteji pa mita kuchitike musanagule. Wamagetsi abwere masana a tsiku la dzuwa, osati madzulo pamene voliteji imakhala itatsika.

Thiransifoma nayo ili ndi malire. Kampani zambiri zimaika muyezo wa sola imene ingalumikizidwe pa thiransifoma imodzi, ndipo ikadzaza amakana olowa kumene kapena amawauza kuti azitumiza pang'ono. Ku Australia, mwachitsanzo, nyumba zambiri za fezi imodzi zimaloledwa kutumiza makilowati 5 okha. Malire otere amasungidwa ndi kachipangizo kotchedwa CT kamene kamamangidwa pa waya wamkulu pafupi ndi mita, n'kumauza inveta kumene magetsi akulowera. Kali ndi muvi wosonyeza mbali. Kakaikidwa mozondoka, inveta imaona kutumiza ngati kukoka, moti imatumiza mopitirira malire kapena imadzichepetsa pamene nyumba ikufuna magetsi. Tsiku lomaliza ntchito, yatsani ketulo mukuyang'ana pa galasi la inveta. Nambala ya zotumiza iyenera kutsika, osati kukwera.

Magetsi a kampani akazima

Anthu ambiri amakhumudwa tsiku loyamba limene magetsi azima masana, sola yawo n'kuzimanso dzuwa likuwala. Inveta siinawonongeke. Inapangidwa dala kuti ikaona kuti magetsi a kampani apita, idzichotse pasanathe masekondi awiri. Ikanapitiriza kutumiza, waya amene wantchito wa kampani akuganiza kuti ndi wakufa akanakhala wamoyo, ndipo thiransifoma ikanakweza magetsi a nyumba yanu kufika mavoliti masauzande ambiri pa mawaya akuluakulu. Munthu akhoza kufa. N'chifukwa chake kampani imafuna setifiketi ya inveta. Miyezo imene imatchulidwa kawirikawiri ndi IEC 62116, IEEE 1547 ndi UL 1741, ndipo ku South Africa ndi NRS 097-2-1. Kampani zina zili ndi mndandanda wa mainveta ovomerezeka, choncho onani dzina ndi nambala yeniyeni ya inveta musanalipire, chifukwa pa mainveta awiri a wopanga mmodzi ikhoza kuvomerezedwa imodzi yokha.

Izi zikukhudzanso kuwerengera kwanu. Kumene magetsi amazimazima masana, ola lililonse la kuzima ndi ola limene simukupanga kapena kugulitsa kanthu. Nyumba ija ya makilowati 5 ikataya maola atatu apakati pa tsiku, yataya gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a tsikulo kapena kuposa. Malo otere amafunika inveta ya haibiridi yokhala ndi batire, imene imadzidula ku kampani koma n'kupitiriza kupatsa nyumba magetsi. Samalaninso ndi mainveta ambiri otchipa amene amalandira magetsi a kampani koma sangathe kutumiza kunja. Wogulitsa akhoza kuwatcha haibiridi, koma pepala la wopanga liyenera kunena momveka kuti inveta imatha kutumiza ku mawaya a kampani. Kwina amaletsanso kutumiza magetsi ochokera mu batire, poopa kuti munthu angamatchaje batire ndi magetsi a kampani otchipa n'kuwagulitsanso.

Za mapepala ndidutsa mwachangu, chifukwa zimasiyana malo ndi malo, koma ndondomeko yake imafanana. Mumapempha kaye chilolezo, mutapereka nambala ya akaunti, kukula kwa mapanelo ndi inveta, setifiketi ya inveta, ndi chojambula cha kalumikizidwe chopangidwa ndi wamagetsi wokhala ndi laisensi. Kampani imaona ngati thiransifoma ingakwanitse, n'kuyankha. Mukatero m'pamene mumagula ndi kuika. Kenako kumabwera oyendera, amene amaona waya wa pansi, mabuleka, swichi yozimitsira imene antchito a kampani angaifikire, ndi zikwangwani zochenjeza kuti nyumbayo ili ndi magetsi ochokera mbali ziwiri. Mita imasinthidwa, mgwirizano umasainidwa, ndipo mumalandira kalata yokulolani kuyatsa. Magetsi amene mwatumiza kalatayi isanabwere nthawi zambiri sawerengedwa, ndipo kwina pali chindapusa. Ngati mukuchita lendi, dzina la pa akaunti ndi chilolezo cha mwini nyumba zikonzedwe poyamba. A inshulansi auzidwenso, ndipo denga ngati latsala pang'ono kufuna kukonza, likonzeni mapanelo asanakwere.

Tsiku limene mita yatsopano yaikidwa, jambulani manambala a 1.8.0 ndi 2.8.0, komanso nambala ya mayunitsi onse amene inveta yapanga. Bwerezani pa tsiku limene kampani imawerenga mita. Bilu yoyamba ikabwera musadabwe kuona kuti zotumizidwa ndi zochepa kuposa zimene inveta ikusonyeza. Mu nyumba yathu ija inveta idzanena 600 pamene bilu idzanena 450, ndipo 150 osowawo ndi amene nyumba inadya masana. Chodetsa nkhawa ndi pamene 2.8.0 ikuyenda pa mita koma pa bilu palibe mzere wa zotumizidwa, zimene zimasonyeza kuti akaunti yanu sinasamutsidwe mu kompyuta ya kampani. Pitani nazo zithunzizo pamodzi ndi kalata ya chilolezo mwezi womwewo, mupemphe kuti akonze kuyambira tsiku lolembedwa pa kalatayo. Ngati 2.8.0 yaima pa ziro dzuwa likuwala, itanani amene anaika sola adzaone ngati inveta sinasiyidwe pa Zero Export, pamene imaletsedwa kutumiza magetsi kunja, kuyambira nthawi imene munkadikira chilolezo.